Thanki ya kudimba ndi g amene anatsala kunja kwa denga

Mlamu wanga ali ndi dimba chakufupi ndi mtsinje wa Lutembwe, kumene amalima tomato ndi repu wokagulitsa pa msika wa Kapata. Chaka chatha, atatopa ndi kunyamula ndowa m'dzuwa la Okutobala, anagula thanki ya malita 5,000 ndi pampu ya sola. Thankiyo anaiika pa chulu chimene anachisalaza kumtunda kwa dimba. Pampu imadzaza thanki masana, madzulo iye n'kuzula chotsekera pa bowo la m'munsi, madzi n'kumagwera mu ngalande yopita ku mizere. Funso lake linali limodzi: thanki ikadzaza, madzi adzatenga nthawi yaitali bwanji kuti athe? Ankafuna kudziwa chifukwa ngalandeyo ndi yadothi. Madzi akabwera mwaukali amaigumula, ndipo iye anali kuganiza zogula simenti yoti aiwake yonse.

Mwana wake wachisamba, amene ndi mwana wa mlongo wanga, akuphunzira za ulimi wothirira ku koleji. Anatenga pepala n'kuwerengera mwaukhondo, mzere ndi mzere, ndipo pansi pake analemba kuti mphindi 18, n'kujambula mizere iwiri kunsi kwa yankholo. Loweruka lina anabwera kwathu ndi pepalalo. "Amalume, tandionereniko ngati ndachulukitsa bwino, atate asanagule simenti."

Ine ndaphunzitsa fizikisi zaka zambiri, ndipo pepala lotere likafika m'manja mwanga sindiyambira pamwamba, komanso kakyuleta sindiigwira. Ndimatsikira pa fomula yomaliza, ija imene munthu wathiramo manambala, n'kuifunsa chinthu chimodzi: kodi chimene ukubala ndi cha mtundu umene tikufuna? Tikufuna nthawi. Ngati fomula ikubala chinthu chimene si nthawi, ndiye kuti kuchulukitsa konse kumene kwatsatira n'kotaya mphamvu, kaya kwachitika molondola chotani.

Fomula yomaliza ya mnyamatayo inali iyi:

```
t = (A/a) × √(2h) / g
```

Apa A ndi eriya ya pansi pa thanki, a ndi eriya ya bowo, h ndi msinkhu wa madzi kuchokera pa bowo kufika pamwamba pa madziwo, ndipo g ndi mmene liwiro la chinthu chakugwa limawonjezekera chifukwa cha kukoka kwa dziko, mamita 9.8 pa sekondi m'sekondi iliyonse. Thankiyo ndi yotambalala mamita 1.8, madzi amafika mamita 2, ndipo bowo ndi la mamilimita 25. Kugawa A ndi a kumabala 5,184, chifukwa 1,800 kugawa ndi 25 ndi 72, ndipo 72 kuchulukitsa ndi 72 ndi 5,184. Ruti ya 4 ndi 2, kugawa ndi 9.8 n'kupeza 0.204. Zonse pamodzi ndi 1,058, ndipo iye anati amenewa ndi masekondi, kutanthauza mphindi pafupifupi 18. Pa kuchulukitsa sanaphonye paliponse. Choopsa cha yankholi n'chakuti limaoneka labwino. Likanatuluka masiku atatu kapena theka la sekondi, aliyense akanakayika. Koma mphindi 18 munthu amangogwedeza mutu n'kunena kuti n'zotheka.

Ndisanapitirire ndifotokoze chimene ndikutanthauza ndikamati mtundu. Aliyense amene anagulapo chimanga amachidziwa kale, kungoti sanachipatse dzina. Meda imayeza kuchuluka kwa malo amene chimanga chadzaza. Sikelo imayeza kulemera. Simunganene kuti mameda atatu kuphatikiza makilogalamu awiri ndi zisanu, pakuti wina adzakufunsani kuti zisanu za chiyani. Chimodzimodzi lima ndi mita: munda wa lima imodzi simungauyerekeze ndi chingwe cha mamita 50 n'kufunsa kuti chachikulu n'chiti, chifukwa china ndi bwalo, china ndi utali. Koma meda ndi thini ndi lita ndi za m'banja limodzi, zimangosiyana kukula. Banja limenelo ndilo m'kalasi timalitcha dayimenshoni, ndipo meda, thini ndi lita ndi mayuniti ake. Pa nkhani za madzi oyenda ndi zinthu zakugwa mabanja oyambira ndi atatu okha: utali, umene timaulemba L, nthawi, imene timailemba T, ndi masi, aja timayeza m'makilogalamu, amene timawalemba M. Zina zonse zimamangidwa ndi atatuwa. Eriya ndi L², malo a m'kati mwa thanki ndi L³, liwiro ndi L/T, ndipo g ndi L/T². Lamulo lake n'lakuti mbali ziwiri za chizindikiro cha = zikhale za banja limodzi, ndiponso zinthu ziwiri zilizonse zophatikizidwa kapena kuchotseredwa zikhale za banja limodzi. Munthu wa ku Falansa, Joseph Fourier, ndiye analemba lamuloli momveka bwino m'buku lake la za kutentha la mu 1822.

Ndinampatsa mnyamatayo pensulo. "Fufuta manambala m'mutu mwako. Pamalo pa chilembo chilichonse lemba banja lake."

Anayamba ndi A/a. L² pamwamba, L² pansi, zonse n'kudyana, osatsala kanthu. Ndi nambala chabe yonena kuti thanki ikuposa bowo kangati. Nayenso 2 alibe banja. Kwatsala ruti ya h pamwamba ndi g pansi:

```
√L ÷ (L/T²) = T² / √L
```

Anayang'ana kwa kanthawi. "Amalume, ichi ndi chiyani?"

Ndinamuuza kuti nanenso dzina lake ndilibe, chifukwa palibe wotchi imene imayeza masekondi ochulukitsidwa ndi masekondi, ogawidwa ndi ruti ya mita. Chokhacho chimene tikudziwa motsimikiza n'chakuti si nthawi. Kumanzere kuli T, kumanja kuli chinthu china, ndiye fomulayo ndi yolakwika. Sitinafunike kuona thanki, sitinafunike kudziwa ngati madzi ndi mamita 2 kapena 20. Zinatitengera nthawi yochepa kuposa imene mayi ake a ana anatenga kuthira tiyi.

Apa mnyamatayo anafunsa funso limene ndimalikonda kwambiri, ndipo ana asukulu ambiri amalisunga mumtima osalitulutsa. Anati, "Koma nambala yatuluka. Kakyuleta sinakane. Nanga vuto lili pati ngati ndangolemba masekondi kumapeto?"

Funsoli siliyankhika ndi mawu akuti lamulo limatero. Ndinamuuza kuti abwereze samu yomweyo, fomula yomweyo, koma ayeze zonse m'masentimita. Thanki ndi yomweyo, madzi ndi omwewo, tangosintha chopimira. Tsopano h ndi 200, g ndi 980. A/a sasintha, akadali 5,184. Ruti ya 400 ndi 20, kugawa ndi 980 n'kupeza 0.0204. Yankho linatuluka 106. Poyamba thanki inkatha m'mphindi 18, tsopano ikutha mphindi ziwiri zisanakwane, chonsecho palibe wakhudza thankiyo. Tikanayeza m'mafiti likanatulukanso yankho lachitatu.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndimafuna mwana aliyense amene wadutsa m'manja mwanga apaone ndi maso ake. Madzi sadziwa kuti mwini dimba wanyamula tepi ya mamita kapena ya mainchi. Amatuluka pa liwiro lawo. Choncho fomula imene ikunena zoona za madziwo iyenera kupereka nthawi imodzimodzi, kaya mwayeza ndi chiyani. Fomula ya mnyamatayo inali ndi ruti ya L yotsalira pansi, ndipo titasintha mita kukhala masentimita 100, yankho linachepa ndi ruti ya 100, kutanthauza kakhumi. Kuyang'ana madayimenshoni ndi njira yachidule yodziwira ngati fomula ingapirire kusintha kwa chopimira. Si mwambo wongosangalatsa wochonga mayeso.

Kudziwa kuti pali cholakwika ndi theka la ntchito. Theka linalo ndi kupeza pamene chinalowera, ndipo chida chake n'chomwecho. Tinakwera pamwamba pa pepala n'kuyamba kutsika, mzere uliwonse tikuufunsa banja lake. Mzere woyamba unali lamulo la Torricelli, Mtaliyana amene anathandiza Galileo m'miyezi yomaliza ya moyo wake ndipo anasindikiza lamuloli mu 1644. Limati madzi otuluka pa bowo amathamanga ngati chinthu chimene chagwa kuchokera pa msinkhu wa madziwo:

```
v = √(2gh)
```

M'kati mwa ruti muli L/T² kuchulukitsa ndi L, zimene zikubala L²/T². Ruti yake ndi L/T, limene ndi liwiro. Mzerewo ndi wabwino, ndipo m'manambala ndi mamita 6.26 pa sekondi. Mzere wachiwiri unati madzi otuluka pa sekondi ndi a kuchulukitsa ndi v, kutanthauza L² kuchulukitsa ndi L/T, n'kubala L³/T, ngati malita pa sekondi. Nawonso ndi wabwino. Pa mzere wachitatu mnyamatayo anachita chinthu chanzeru chimene ndinamuyamikira. Anakumbukira kuti madzi akamatsika, liwiro limachepa, ndipo m'thanki yowongoka makoma limachepa mofanana sekondi ndi sekondi mpaka kufika pa ziro. Ndiye liwiro lapakati ndi theka la loyambalo, ndipo nthawi ndi madzi onse kugawa ndi otuluka pa sekondi:

```
t = A h / (a × v/2) = 2 A h / (a √(2gh))
```

Pamwamba L³, pansi L³/T, chotsala ndi T. Mzere wachitatu ndi nthawi yeniyeni. Wachinayi, uja womaliza, si nthawi. Ndiye cholakwika chili pakati pa mizere iwiri imeneyi basi, ndipo panalibe chifukwa chokayikira Torricelli kapena kuyezanso thanki. Titayang'anitsitsa tinachipeza. Pofupikitsa 2h kugawa ndi ruti ya 2gh, yankho loyenera ndi ruti imodzi yokwirira zonse, 2h pamwamba ndi g pansi. Pa pepala lake lokandakanda analemba molondola, koma denga la rutiyo linali lalifupi ndipo mwendo wake sunatsike kufika pa g. Pokopera pa pepala laukhondo, diso linaona g ali panja, dzanja n'kumulemba panja. Fizikisi ankaidziwa, masamu ankawadziwa. Chinamugwetsa ndi kamzere ka pensulo kosakwana sentimita.

Pa zolakwika zimene ndimazipeza m'makope, zambiri ndi za mtundu umenewu: ruti yoiwalika, kanambala kakang'ono ka pamwamba kamene katayika pokopera, chilembo chimene chawoloka chizindikiro cha = n'kukhala pamwamba m'malo mokhala pansi. Pafupifupi zonsezi zimasokoneza banja, n'chifukwa chake njirayi imazigwira mosavuta. Fomula yokonzedwa ndi iyi:

```
t = (A/a) × √(2h/g)
```

M'kati mwa ruti tsopano muli L kugawa ndi L/T², ma L n'kudyana, kutsala T², ndipo ruti yake ndi T. Manambala: 4 kugawa ndi 9.8 ndi 0.408, ruti yake 0.639, kuchulukitsa ndi 5,184 n'kupeza masekondi 3,312, mphindi 55. Ndinamuuza ayesenso m'masentimita. 400 kugawa ndi 980 ndi 0.408 yemweyo. Anamwetulira, n'kuyamba kupinda pepala kuti azipita.

Ndinamukhazikanso pansi, chifukwa apa ndi pamene njirayi imapusitsa amene angoidziwa kumene. Fomula ikalephera mayeso a banja, ndi yolakwika ndithu, palibe kukambirana. Koma ikapambana, sizitanthauza kuti ndi yolondola. Zimangotanthauza kuti siinagwidwe pa chipata ichi. Chilichonse chopanda banja chimadutsa pa chipatacho osaoneka, ndipo fomula ya thanki yathuyi ili ndi zotero zingapo.

Tengani 2 uja. Mnyamatayo akanaiwala kuti liwiro limachepa, n'kugwiritsa ntchito liwiro loyamba nthawi yonse, akanapeza mphindi 28 m'malo mwa 55, ndipo madayimenshoni akanavomera osaphethira. Akanatenga dayamita ya thanki koma pa bowo n'kutenga theka la dayamita, yankho likanakula kanayi, madayimenshoni osanena kanthu. Ngakhale akanatembenuza A/a kukhala a/A, banja likanakhalabe T. Pa zotere pamafunika mafunso ena, amene sali a zilembo koma a munthu amene anaonapo thanki ikutha. Ndikakulitsa bowo, fomula ikuti nthawi ichepa kapena ikula? Iyenera kuchepa, ndiye a akhale pansi. Ndikakulitsa thanki? Nthawi ikule, ndiye A akhale pamwamba. Madzi akakhala kuti mulibe, h ali ziro, nthawi ikhale ziro. Mafunso atatuwa amagwira kutembenuza, koma 2 uja samugwira. Iyeyo amagwidwa pokhapokha mutabwerera ku ganizo limene linamubala.

Ndiye pali nambala ina imene sinali pa pepala n'komwe. Madzi akamatuluka pa bowo lakuthwa m'mphepete sadzaza bowo lonse. Amabwera kuchokera mbali zonse m'kati mwa thanki, ndipo akangodutsa pa bowo mtsinje wawo umafinyika, kukhala wowonda kuposa bowolo. Mukaboola chigubu ndi msomali n'kuyang'anitsitsa mudzaziona. Chifukwa cha zimenezi madzi otuluka amakhala pafupifupi 0.6 ya amene lamulo la Torricelli likulonjeza. Mabuku a za madzi amailemba nambalayi Cd, ndipo imasintha malinga ndi mmene pakamwa pa bowo papangidwira: pakakhala posalala mozungulira imayandikira 1. Ilibe banja. Mukaiika, fomula imapambana mayeso. Mukaisiya, imapambananso. Koma mphindi 55 kugawa ndi 0.6 ndi mphindi 92, ola ndi theka. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu kwa munthu amene akufuna kubwerera kunyumba kusanade.

Chinanso chimene madayimenshoni sangakuuzeni ndi chakuti h ndi utali uti. Pa thanki ya mlamu wanga madzi amagwa pa bowo pomwepo, ndiye h ndi msinkhu wa madzi m'thanki. Koma matanki ambiri kuno ku Chipata ali pa nsanja zachitsulo, paipi n'kutsika mpaka pansi. Pamenepo chimene chikukankha madzi ndi msinkhu wochokera pamwamba pa madzi kufika pamene paipi yathera, liwiro silifika pa ziro thanki ikamatha, ndipo kukhulana kwa madzi ndi makoma a paipi kumadya mphamvu ina. Fomula yathu ija sigwiranso ntchito. Komabe munthu akaigwiritsa ntchito pamenepo, L akadali L, ndipo mayeso a banja amamuuza kuti zili bwino.

Mnyamatayo anatulutsa kope lake la kukoleji n'kundionetsa fomula ina imene inamusokoneza atangomva zonsezi:

```
v = 4.43 √h
```

"Amalume, iyi ndiye ikulephera. Kumanzere L/T, kumanja ruti ya L. Ndiye kuti aphunzitsi athu analakwitsa?"

Sanalakwitse. 4.43 si nambala wamba ngati 2. Ndi ruti ya 2 kuchulukitsa ndi 9.8, ndiye yabisa g m'mimba mwake, pamodzi ndi mamita ndi masekondi ake. Fomulayi ndi yoona malinga ngati h ali m'mamita ndipo v mukumufuna m'mamita pa sekondi. Mukaikamo masentimita imanama, ndipo sikuchenjezani. Mabuku a amisiri a madzi ndi ulimi wothirira ali ndi mafomula ambiri otere, opangidwira kufulumira pa ntchito, ndipo ndilibe nawo mlandu bola pambali pake palembedwe mayuniti amene akufunika. Chimene ndimakana n'chakuti wophunzira adzipangire yekha fomula yotere pakati pa samu, mwa kuthira 9.8 pa mzere wachiwiri. Akatero g wasanduka nambala, nambalayo yasakanikirana ndi zinzake, ndipo pofika pansi palibenso chofufuza. Mnyamata wathu anapulumuka chifukwa anasunga zilembo mpaka pa mzere womaliza. Akanalemba 6.26 m'malo mwa ruti ya 2gh, mwina cholakwika chake sichikanachitika n'komwe, ndivomereze zimenezo, koma china chilichonse chikanalowa sitikanachiona popanda kubwereza samu yonse. Ine ndimasankha pepala limene ndingathe kulifufuza.

N'chifukwa chake ndimadandaula ndi chizolowezi chimene ndimachiona m'makope a ana a giledi 12, cholemba manambala okhaokha mpaka pansi, kenako n'kumata yuniti kumapeto chifukwa funso lati pezani nthawi. Yuniti yomatidwa choncho ili ngati chizindikiro cha fetereza pa thumba limene simunalitsegule. Yuniti iyenera kutuluka yokha m'samu, ndipo ikatuluka yosiyana ndi imene mumayembekeza, imeneyo ndiyo mphatso yaikulu imene samu ingakupatseni musanapereke pepala.

Patsala msampha umodzi, umene uli pafupi kwambiri ndi ife amene timagula mapaipi m'mainchi, kuyeza thanki m'mamita ndi kuwerenga madzi m'malita. Banja likhoza kukhala lolondola koma mayuniti osagwirizana. Mnyamatayo akanagawa 1.8 ndi 25 osasintha mamita kukhala mamilimita, L kugawa ndi L ikanadutsa bwinobwino, koma yankho likanachepa kamiliyoni. Zotere sizigwera ana asukulu okha. Mu Seputembala 1999 bungwe la NASA linataya chombo chotchedwa Mars Climate Orbiter chitafika ku Mars, chifukwa pulogalamu ina inkapereka kukankha kwa mainjini m'mapaundi, pamene ina inkawerenga manambala omwewo ngati manyutoni. Zonse ziwiri ndi za banja limodzi, koma paundi imodzi ya mphamvu ndi manyutoni 4.45. Ndiye ine ndimachita mayeso awiri osiyana. Oyamba ndi a zilembo, L ndi T, pa fomula yomaliza manambala asanalowe. Achiwiri ndi a mayuniti, pamene ndikuthira manambala: nambala iliyonse ilowe ndi yuniti yake pambali, zonse zikhale mamita ndi masekondi, ndipo ndione ndi maso mamita akudyana.

Tsiku lotsatira, titaweruka ku tchalitchi, tinapita kudimba tonse atatu. Pampu inali itadzaza thanki. Mlamu wanga anamva zoti mphindi 18 zasanduka 55, ndiponso kuti ine ndikuyembekeza ola ndi theka, ndipo anafunsa mwaulemu kuti, "Alamu, nanga pa manambala atatuwa ndigwire iti?" Ndinamuyankha kuti 18 ija aitaye, chifukwa sinali nthawi n'komwe. 55 ndi malire a kufulumira, madzi sangathe msanga kuposa pamenepo. Ya ola ndi theka ikudalira pakamwa pa bowo, ndipo woweruza wake ndi thanki.

Mnyamatayo anayatsa wotchi ya pa foni, atate ake n'kuzula chotsekera. Poyamba madzi anatumpha patali, koma ngalande inawalandira osagumuka, chifukwa anali ngati malita awiri pa sekondi, osati khumi amene mphindi 18 zija zikanafuna poyambira. Ndinamuuza mnyamatayo kuti aike chizindikiro pamene madzi afika pakati pa thanki n'kulemba nthawi. Anadabwa kuona kuti theka loyamba latha mphindi 30 zisanakwane, n'kuyamba kunena kuti ndiye thanki yonse itha ola lisanathe. Ndinamukumbutsa za ruti ija. Nthawi imayenda ndi ruti ya h, ndiye madzi a mita imodzi yotsalayo amafuna 0.71 ya nthawi yonse, pamene theka lapamwamba limangotenga 0.29. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango, mlamu wanga akutembenuzira madzi mzere ndi mzere ndi khasu, mtsinje wa pa bowo ukufupikirafupikira. Pamene unasanduka kudontha kotsetsereka pa khoma la thanki, wotchi inali pa ola limodzi ndi mphindi 27. Mnyamatayo anagawa 55 ndi 87 pa foni yomweyo n'kupeza 0.63, ndipo analemba nambalayo ndi khala pa thankiyo, pambali pa bowo. Simenti ija mlamu wanga anagula thumba limodzi lokha, lowakira pamene madzi amagwera.